Benchi ya lendi mumsika kapena kuyala pamsewu?

Wamasilipasi: Moni nonse pagulu pano. Pali nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonse ino. Ndimagulitsa masilipasi m'mbali mwa msewu, chino ndi chaka chachiwiri. Ndimayala pansi pa masaka, palibe amandilipiritsa malo, ndipo tsiku labwinobwino ndimagulitsa mapeyala 12. Tsopano mumsika waukulu mwapezeka benchi ya lendi. Mumsikamo anthu amachita kuthithikana. Mwini benchi akufuna ndalama ya miyezi 3 nthawi imodzi, ndipo akuti ndimuyankhe pofika Lachisanu chifukwa alipo ena akuifuna. Mpamba wanga wonse ndi wokwana kuoda mapeyala 200. Ndilowe kapena ndikhale pomwe ndili? Ndithandizeni maganizo abale anga.

Mnyamata wa Machaja: Achemwali, musayerekeze. Lendi ilibe chisoni. Mugulitse musagulitse, mwezi ukatha mwini wake ali pakhosi panu. Ine pamsewu ndatha zaka 4, tsiku likavuta ndimangolongedza n'kupita kunyumba, palibe wondifunsa kanthu. Malo aulere muwasiyirenji?

Mayi wa Zovala za Ana: Ine ndikuti lowani. Shopu ndi shopu basi. Mumatseka chitseko, kiyi m'thumba, kukagona mtima uli m'malo. Komanso anthu amakupatsani ulemu.

Wamasilipasi: Si shopu ayi mayi, ndi benchi chabe, thebulo lamatabwa pansi pa denga la malata. Chitseko palibe. Pansi pake pali bokosi lokhoma ndi loko, usiku amalondera ndi alonda a msika.

Mayi wa Zovala za Ana: Oo, pepani ndinamva molakwa. Ndiye zasiyana pang'ono. Komabe denga lokhalo si kanthu kakang'ono.

Bambo wa Ndowa: Mwanawe, ndisanakuuze maganizo anga ndiyankhe kaye mafunso awa. Pa peyala imodzi umapindula zingati poyerekeza ndi mtengo umene umagulitsira? Ndipo lendi ya mwezi umodzi, ukaigawa ndi phindu la peyala imodzi, ikukwana mapeyala angati? Sindikufuna undiuze ndalama, undiuze mapeyala. Ine malonda ndinayambira pamsewu ndi ndowa ndi mabeseni, pano ndili mumsika, ndipo chimene ndinaphunzira movutikira n'chakuti lendi ukamaiwerenga m'ndalama imakunamiza. Ukaiwerenga m'katundu amene uyenera kugulitsa, pamenepo m'pamene umaona kulemera kwake.

Wamasilipasi: Bambo, tinene kuti peyala ndikugulitsa 100, ndiye kuti ndinaoda 75, phindu ndi 25. Lendi ndagawa monga mwanenera, yakwana phindu la mapeyala 130 pamwezi. Pali tikiti ya msika ya tsiku ndi tsiku, imeneyo ili ngati phindu la peyala imodzi. Za alonda akuti amasonkha pamwezi, zikufanana ndi mapeyala 13.

Bambo wa Ndowa: Chabwino, tiye tiwerengere limodzi. Ndiyika masiku 26 ogulitsa pamwezi. Mumsika ulipira lendi 130, matikiti 26, alonda 13. Pamodzi ndi mapeyala 169. Kugawa ndi masiku 26, ndiye kuti tsiku lililonse mapeyala 6 kapena 7 oyambirira si ako. Wagulitsira mwini benchi, wamatikiti ndi mlonda. Yako imayambira pa peyala yachisanu n'chitatu.

Koma mnzathu wa machaja asasangalale msanga, chifukwa pamsewu napo si paulere monga akunenera. Tandiuza, katundu wako amafika bwanji pamsewupo m'mawa, nanga madzulo amabwerera bwanji? Ndipo masilipasi okhala padzuwa tsiku lonse amakhala bwanji pakatha mwezi?

Wamasilipasi: Ndimalipira mnyamata wa wilibala m'mawa ndi madzulo, zimadya phindu la mapeyala 2 patsiku. Za dzuwazo mwalasa. Amene ndimayika kutsogolo, makamaka ofiira ndi apinki, amasuluka mbali yam'mwamba, ukawatembenuza n'kuona kuti pansi pake mtundu udakali wowala. Kasitomala amatola, kutembenuza, n'kunena kuti awa ndi akale. Otere ndimangogulitsa mtengo woodera kuti ndalama ibwerere. Pamwezi amakwana mapeyala 10.

Bambo wa Ndowa: Ndiye lendi yako ya pamsewu ndi imeneyo, kungoti palibe amakulembera lisiti. Mapeyala 12 kwa masiku 26 ndi 312. Chotsapo 52 a wilibala, atsala 260. Chotsaponso 10 osuluka aja amene sanabweretse phindu, atsala 250. Ndiye pamsewu mwezi wabwino umapita kunyumba ndi phindu la mapeyala 250.

Kuti mumsika upeze zomwezo, uyenera kugulitsa 250 kuphatikiza 169 aja, ndiye 419 pamwezi. Patsiku ndi mapeyala 16 ndi kanthu, tingoti 17. Funso lako tsopano lachepa. Si lakuti msika kapena msewu. Ndi lakuti, kodi benchi imeneyo, pamalo pomwe ilipo, ingagulitse mapeyala oposa 17 tsiku ndi tsiku? Pa 17 wangofanana ndi pomwe uli kale, sunapindule kalikonse.

Mnyamata wa Machaja: Mwaona! Kuchoka pa 12 kufika pa 17 kuti mungofanana. Ndimanena zomwezi ine.

Mayi wa Zovala za Ana: Koma achimwene, mumsika modzaza anthu chonchija mapeyala 17 angavute? Anthu odutsa pamenepo pa ola limodzi amaposa a tsiku lonse pamsewu. Komanso mwaiwala mvula. Pamsewu mitambo ikangoda mumayamba kulongedza.

Bambo wa Ndowa: Za mvula mayi mwanena zoona, ndinazisiya dala kuti masamu asachuluke. Mwezi wamvula akataya masiku 4, phindu lake pamsewu limatsika kufika pa mapeyala 210, ndiye pamenepo benchi ikuyandikira. Koma pa nkhani ya unyinji wa anthu tisamale. Unyinji umene ukukoka mwanayu ndi womwewo unakoka anzake ogulitsa masilipasi. Pamsewu ali yekha, munthu lamba wa silipasi akaduka amagula pomwepo osafunsa kwina. Mumsika ogulitsa zofanana amakhala mzere umodzi, kasitomala amafunsa apa, n'kuyenda mapazi atatu kukafunsa apo, n'kubwerera kudzakuuza kuti mnzako watsitsa.

Taona mmene kutsitsa pang'ono kumapwetekera. Ukachotsa 5 yokha pa mtengo wa 100 uja, kasitomala saona ngati wamuchitira chachikulu, koma kwa iwe phindu lachoka pa 25 kufika pa 20. Mtengo woodera sunasinthe, lendi sinasinthe. Zikatero 419 uja amasanduka 524 pamwezi, kutanthauza mapeyala 20 kapena 21 patsiku. Ndiye usanayankhe mwini benchi, pita ngati wogula, ukanenerere pa mabenchi atatu a masilipasi, umve mtengo wotsiriza umene amalola. Osati umene amayamba kutchula ayi, umene amalola munthu akatembenuka kuti azipita.

Wamasilipasi: Mumzere umenewo ndinawerenga ogulitsa nsapato ndi masilipasi 9. Mitengo sindinafunse. Ndinangoona anthu, mtima n'kudumpha.

Mayi Telala: Ndiloleni ndilowererepo, chifukwa mawu akuti "yankhani pofika Lachisanu, ena akuifuna" andikumbutsa zanga. Ine ndinapereka ndalama ya miyezi 4 kwa munthu amene ndinkamuona pa benchi tsiku lililonse. Ndinaika makina anga, ndinakhomera shelefu, ndinagula loko watsopano. Mwezi wachiwiri usanathe kunabwera mayi wina wachikulire ndi mapepala m'manja, kundifunsa kuti ndine yani pa benchi yake. Apo ndi pomwe ndinadziwa kuti amene ndinamulipira uja nayenso anali wa lendi, ndipo anali ndi ngongole ya miyezi ingapo. Foni yake inasiya kulowa tsiku lomwelo. Ndinalibe ngakhale kapepala kosonyeza kuti ndinapereka ndalama. Ndinanyamula makina pamutu anthu akundiyang'ana, shelefu ndinaisiya pomwepo chifukwa misomali inali italowa kwambiri. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umawawa.

Mwana wanga, usapereke ndalama usanapite ku ofesi ya msika kukafunsa kuti benchi nambala yakutiyakuti inalembedwa m'dzina la yani, ili ndi ngongole kapena ayi, ndipo malamulo awo amalola kuti mwini wake abwereketse kwa wina. Misika ina salola. Safunsa anadya phula.

Wamasilipasi: Pepani kwambiri mayi, zimenezo n'zowawa. Zoona, ine sindinafunse kuti benchiyo ndi yakedi. Anandilozera ndi mnzanga basi.

Wakale mu Komiti ya Msika: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zimene anena Mayi Telala ndinaziweruzapo kangapo pamene ndinali mu komiti, ndipo wopanda pepala ndiye ankaluza nthawi zonse. Pepala lake silifuna loya. Mulembe nambala ya benchi, lendi ya pamwezi, miyezi imene mwalipira kuyambira tsiku liti kufika liti, amene azilipira tikiti ndi alonda, ndi masiku ochenjezana wina akafuna kusiya. Musayine nonse pamaso pa mboni ya ku ofesi kapena ya komiti. Mufunsenso ngati ndalama ya miyezi 3 imeneyo ndi lendi yolipiriratu kapena ina mwa iyo ndi dipoziti yodzabwezedwa, chifukwa pamenepa anthu amakangana kwambiri potuluka.

Koma ine chondikhudza ndi china. Chemwali, benchiyo ili pati mumsikamo?

Wamasilipasi: Ili mumzere wachitatu kuchokera pa geti lalikulu, chakumapeto, kufupi ndi mpanda.

Wakale mu Komiti ya Msika: Mzerewo ukafika kumpanda umatulukira kwina kapena umathera pomwepo?

Wamasilipasi: Umathera pomwepo. Munthu akafika kumeneko amabwerera.

Wakale mu Komiti ya Msika: Ndiye imani kaye. Msika umodzi umakhala ndi misika ingapo m'kati mwake. Anthu amene munawaona akuthithikana ali pa geti ndi m'njira yaikulu yodutsa kuchokera geti lina kupita lina. Amenewo si anu. Mzere wothera pampanda umalowedwa ndi munthu amene akudziwa kale chimene akufuna, ndipo asanafike kwa inu wadutsa anzanu 9 aja. Ambiri amagula pa benchi yachiwiri kapena yachitatu n'kubwerera. Mabenchi apakona ndi apafupi ndi geti sakhala opanda munthu, amalandirana pachibale mwini asanachoke n'komwe. Benchi ikamachita kusakirwa munthu wa lendi, dzifunseni chifukwa chake. Funsani oyandikana nayo kuti pa zaka ziwiri zapitazi pakhala anthu angati, ndipo ankagulitsa chiyani. Mukamva kuti atatu kapena anayi, yankho mwalipeza.

Njira yodziwira ndi kuwerenga. Kakhaleni pafupi ndi benchiyo ndi kope, ola limodzi m'mawa, limodzi masana, limodzi madzulo. Muzilemba timizere: odutsa kutsogolo kwa benchiyo, oima pa mabenchi oyandikana, ndi ochoka atanyamula katundu. Gulu lachitatuli ndilo lofunika. Muchite masiku atatu, ndipo limodzi likhale tsiku lozizira malonda, m'kati mwa sabata komanso pakati pa mwezi anthu asanalandire. Mukapita Loweruka la kumapeto kwa mwezi, benchi iliyonse imaoneka ngati mgodi.

Mnyamata wa Machaja: Akuluakulu, zonsezi zikungotsimikiza kuti pamsewu m'pabwino. Palibe pepala, palibe komiti, palibe mzere wakumpanda.

Wakale mu Komiti ya Msika: Achimwene, palibe pepala, n'chifukwa chakenso palibe chokutetezani. Malo amene simulipira si anu. Madera ambiri kugulitsa m'mbali mwa msewu popanda chilolezo n'koletsedwa, kungoti nthawi zina amangokulekererani. Tsiku limene adzaganize zochotsa anthu, kapena kukuza msewu, kapena mwini mpanda umene mwatsamira akadzatopa nanu, mudzadandaula kwa yani? Inuyo simunalandidwepo katundu?

Mnyamata wa Machaja: Kamodzi kokha. Koma ine katundu wanga amakwana m'chikwama chimodzi, ndikaona galimoto yawo ndimangozipa n'kulowa m'gulu la anthu. Tsiku limenelo ndinali ndikubweza chenji, sindinaione.

Bambo wa Ndowa: Pamenepo ndiye wanena chinthu chanzeru osadziwa. Msewu umayanja katundu wopepuka, wotchipa, amene munthu amagula asanaganize, ndipo umatha kumunyamula mphindi imodzi. Machaja ali choncho. Ndowa zanga sizinali choncho, ndinkathawa bwanji ndi mabeseni 40? Masilipasi ali pakati. Mapeyala 200 pa masaka sungawasonkhanitse msanga. Mwanawe, ngati udzakhalebe pamsewu, usamayale mpamba wonse. Yala wa masiku awiri kapena atatu, wotsala akhale kunyumba. Akakulanda mapeyala 40 udzalira koma udzadzuka. Akakulanda 200 geni yathera pomwepo. Ndipo ochepa padzuwa ndiye kuti ochepanso osuluka.

Tsopano ndibwerere ku chinthu chimene chikundiopsa kuposa zonse, ndalama ya miyezi 3 ija. Ichokera kuti?

Wamasilipasi: Mu mpamba momwemo bambo. Kwina kulibe.

Bambo wa Ndowa: Tawerenga. Miyezi 3 ndi phindu la mapeyala 390. Peyala imodzi umaoda ndi ndalama yofanana ndi phindu la mapeyala atatu, 75 ndi 25 katatu. Ndiye lendi imeneyo ikudya ndalama yoodera mapeyala 130. Pa 200 ako utsala ndi 70.

Ganizira benchi ya mapeyala 70 pakati pa anzako odzaza mpaka kudenga. Masilipasi ali ndi masayizi. Ukagawa 70 m'masayizi a ana, a amayi ndi a abambo, kenako m'mitundu, sayizi iliyonse utsala ndi awiri kapena atatu. Munthu akonda wakuda, sayizi yake palibe, wapita kwa mnzako. Ndipo ukufunika kugulitsa 17 kapena 21 patsiku, ndiye masiku atatu kapena anayi katundu watha, uzikhalira kuthamangira kooda pang'onopang'ono, ulendo uliwonse thiransipoti, benchi n'kutseka. Ndawaona ambiri akugwa chonchi. Benchi inali yabwino, malonda analipo, koma analowa opanda katundu. Chizindikiro chake n'chosavuta: mwezi uliwonse katundu pa benchi akucheperachepera pomwe mwini wake akuti malonda akuyenda. Ameneyo akulipira lendi ndi mpamba.

Ine lamulo langa n'lakuti ndalama yolowera ichokere pa zimene wasunga pambali, mpamba usakhudzidwe, ndipo ukhalenso ndi lendi ya mwezi wina umodzi m'thumba, chifukwa makasitomala a pamsewu sakutsatira onse, ndipo a mumsika amatenga nthawi kuti akuzolowere.

Mayi wa Zovala za Ana: Bambo, masamu anu ndawamva, koma pali zina zosalowa m'kope. Ine nditalowa mumsika ndinayamba kupeza anthu ooda, ochokera kutali kudzatenga madazeni kuti akagulitsenso. Otere sapita pamsewu. Komanso amene ndimaodako anayamba kundipatsa katundu pangongole chifukwa akudziwa pondipeza. Ndipo kasitomala akagula chovala chosakwana mwana amabwera mawa kudzasintha, n'kugulanso china. Pamsewu anthu amaopa kuti mawa sakupezani. Munthu akamadikira kuti zonse zikwane, adzakalambira pafumbi.

Bambo wa Ndowa: Sindikutsutsa mayi, inenso ooda ndi amene amandisunga. Koma wooda amafuna madazeni, ndipo amanenerera kwambiri. Wa mapeyala 70 amugulitsa chiyani? Za ngongole ya katundu n'zoona, koma zimabwera akakuona miyezi ingapo, osati sabata yoyamba.

Mayi wa Zovala za Ana: Ine ndinalowa ndi katundu wochepa kuposa ameneyo ndipo ndilipo mpaka lero.

Wakale mu Komiti ya Msika: Benchi yanu ili pati mayi?

Mayi wa Zovala za Ana: Yachiwiri kuchokera pa geti. Chabwino, ndamva chimene mukutanthauza. Komabe ndikuti mantha asachuluke.

Mnyamata wa Machaja: Nanga bwanji kugwira ziwiri zonse? Benchi ikhale posungira katundu, achemwali azikhalabe pamsewu pomwe ali ndi makasitomala, pa benchi aikepo mwana wa kunyumba.

Mayi Telala: Woikidwayo adya chiyani? Ameneyonso ndi lendi ina. Ndipo ndalama yogulitsa wina siifika yonse, ngakhale akhale m'bale wako. Ine ndikanakonda agawane benchi ndi munthu wogulitsa zina zosiyana, monga masokosi kapena zikwama, aliyense theka la lendi. Wina akapita kooda mnzake amayang'anira.

Wakale mu Komiti ya Msika: Kugawana kumatheka, koma mwini benchi ndi a ofesi adziwe, ndipo mayina onse awiri alowe papepala. Milandu ya ogawana benchi ndinaiona yambiri: wina wachedwa kupereka theka lake, wina katundu wake wadutsa malire, wina wagulitsa cha mnzake n'kuiwala kulemba. Sindikuti n'zoipa, koma musagawane ndi munthu chifukwa chongoti mumaseka naye.

Wamasilipasi: Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso pa zambiri. Ndamuimbira mwini benchi kumufunsa ngati angalole mwezi umodzi umodzi, wakana, akuti mwina miyezi iwiri. Nditamufunsa ngati tingapitire limodzi ku ofesi ya msika wati aona kaye nthawi. Mawa ndi Lachiwiri, ndipempha mng'ono wanga akhale pamsewu, ine ndikakhala kumzere kuja ndi kope, ndikafunsanso mitengo ngati wogula. Ku ofesi ndipita ndekha.

Koma bambo, pa miyezi iwiri ndiwerenga bwanji? Ndapeza kuti ikudya mapeyala pafupifupi 87, nditsala ndi 113. Pamenepo mukuti bwanji?

Bambo wa Ndowa: Wawerenga bwino. 113 ndi yopumirako kusiyana ndi 70, koma kwa ine ikadali yochepa pa mzere wa anthu 9. Mayi wa Zovala anena kuti ndi yokwana, ndikudziwa. Bwera ndi manambala a m'kope lako Lachinayi, makamaka a ochoka atanyamula katundu pa mabenchi atatu akumapetowo, ndi mtengo wotsiriza umene akulola. Ndipo ukakhala kumeneko uyang'anenso denga pamwamba pa benchiyo ngati silidontha, ndi pansi pa bokosi ngati pali zizindikiro za madzi kapena makoswe.

Mayi Telala: Ndipo mawu akuti "ndiona kaye nthawi" amenewo usawaiwale mwana wanga. Ukafika ku ofesi ukafunse dzina lenileni lolembedwa m'buku, ulifananitse ndi la pachitupa chake.